Asipirini Wonyowa wa a Pilato Namacha

Msuweni wanga, a Pilato Namacha, sadziwa kulunjika pa nkhani. Mukawafunsa ngati kwawo kwagwa mvula, ayamba ndi mitambo ya dzana, adzere ku mphepo yochokera kuphiri, akambeko za denga la tchalitchi lomwe likudontha, ndipo pomwe azidzati "ee, yagwa" inu njala yakupwetekani kale. Ine ndine Emelda. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope pa Limbuli, ndipo a Pilatowa ndi mwana wa amalume anga. Choncho ndikamawanena musadabwe, chisuweni chimandilola.

Anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi. Mayi awo ankathyola tiyi, bambo awo, amalume angawo, anali mlonda, ndipo agogo athu anachita kuwoloka Muloza wapansi kuchokera ku Mozambiki. Kuyambira ali mwana anali amantha. Ankaopa agalu a mabwana, ankaopa mlatho, ankaopa ngakhale kukweza dzanja m'kalasi pomwe yankho akulidziwa. Koma mutu unalipo. Anayamba ndi uphunzitsi wa pulayimale, kenako anapeza dipuloma, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akuphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kuno. Anakwatira a Leah nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, komwe mpaka lero amayenda ngati akuopa kuponda nyerere za eni mudzi.

Kuzungulira kwawoko kuli ndi ntchito yake, ndisaname. Pakagwa maliro, amene amatumidwa kukanena uthenga ndi iwo. Kwathu kuno sufika pakhomo pa munthu n'kungoti "mayi ako amwalira." Umakhala pansi, kupereka moni, kufunsa za ana, kenako n'kunena kuti kumudzi matenda akula, mpaka mwini wakeyo azindikire yekha. A Pilato pa zimenezi ndi katswiri. Atamwalira mchemwali wawo wa mayi anga ku Milanje, kutsidya ku Mozambiki, anabwera kwathu nakhala pakhonde ola lathunthu, mawu oti "imfa" osatuluka m'kamwa mwawo, koma pomwe ankanyamuka mayi anali atamanga kale chitenje m'chiuno akulira mwakachetechete. Anthu amawayamikira kwambiri pa luso limeneli.

Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu, kusukulu kwawo kunayamba kufika anyamata a madigiri, ndipo mantha atsopano anawagwira, oti tsiku lina adzawalanda makalasi a fomu folo. Ndiye analembetsa maphunziro a digiri, aja ophunzira uli kunyumba n'kumapita ku yunivesite patchuthi pokha. Sanalembetse okha. Analowa limodzi ndi alamu awo a Anthony, mchimwene wawo wamkulu wa a Leah, mphunzitsinso cha ku Muloza. A Anthonywa ndiwo mwini mbumba, ndiponso nkhoswe ya ukwati wa a Pilato. A Anthonywo mkazi anachita kutenga, choncho amakhala pamudzi pomwepo, ali ndi njinga yamoto ndi mawu omveka kutsidya kwa mtsinje.

Chaka chachiwiri sichinawayendere bwino a Pilato, moti analandira kalata yowachenjeza kuti akalepheranso phunziro lina lililonse, awachotsa. Kalatayo ankayenda nayo m'thumba la malaya mpaka inang'ambika m'mapindo.

Patchuthi cha Epulo chaka chatha anapita ku yunivesite kuja, ndipo mu labu anawagawa awiriawiri kuti apange asipirini. A Pilato anagwera ndi alamu awo, botolo limodzi anthu awiri. Ntchitoyi anandifotokozera kambirimbiri moti ndikhoza kuiphunzitsa. Anayeza magalamu awiri a ufa wotchedwa salisiliki asidi, anathiramo madzi ena onunkha ngati viniga wolusa otchedwa asetiki anihaidiraidi, n'kudonthezamo timadontho ta fosiforiki asidi kuti zifulumire. Anatenthetsa botololo m'madzi otentha kwa mphindi khumi ndi zisanu, anathiramo madzi ozizira, naliika mu ayezi mpaka timiyala toyera ta asipirini tinayamba kuoneka. Chotsala chinali kusefa ndi makina okoka madzi, kuyeretsanso, ndi kuumitsa. Apo ndi pomwe magetsi anathima. Anasefa ndi pepala chabe, madzi akudontha pang'onopang'ono, ndipo pomwe magetsi ankayaka nthawi inali itatsala yongokwanira kuyeza.

Pa masamu, magalamu awiri a ufa uja sangabale asipirini woposa magalamu 2.61. Wawo analemera 2.92, kutanthauza maperesenti 112. Asipirini weniweni amasungunuka pa madigiri 135 kapena 136, koma wawo anayamba kusungunuka pa 122 namalizira pa 129. Atadonthezera mankhwala oyesera otchedwa feriki kulorayidi, madzi anasanduka apepo, chizindikiro choti salisiliki asidi wina anatsalamo osasinthika.

Atabwerako a Pilato analemba lipoti lawo pamanja, masamba khumi ndi limodzi, nabwera nalo kuti nditayipe. Manambala oona onse analimo, koma anawakwirira pa tsamba lachisanu ndi chiwiri. Patsogolo penipeni pa lipoti lotere pamakhala ndime imodzi yomwe ophunzira amati abusitirakiti, chidule cha ntchito yonse. Ine ndatayipa zidule zambiri za aphunzitsi ndi anamwino a kuno, koma chonga cha a Pilato ndinali ndisanachionepo. Chinali m'Chingerezi, koma m'Chichewa chimati: choyamba athokoze Mulungu ndi aphunzitsi onse, asipirini ndi mankhwala ofunika kwambiri, makamaka kumidzi komwe zipatala zili kutali, anthu akale ankatafuna makungwa a mtengo wina pofuna kuletsa ululu. Zinapitirira choncho theka la tsamba, n'kuthera pa mawu oti ntchito inagwiridwa, zotsatira zinapezeka, ndipo zotsatirazo zakambidwa m'kati.

"Asuweni, apa mwanenapo chani?" ndinawafunsa. "Mwabwera kudzanena maliro kapena?"

"Tangotayipani, asuweni," anatero akuyang'ana panja. "Munthu suyamba ndi zoipa."

Ndinatayipa, ndipo tinatumiza pa intaneti. Ntchito yanga ndi kutayipa, si kukangana ndi makasitomala.

Patapita masabata awiri, Lachiwiri masana, analowa m'shopu osaodira n'komwe, nkhope itatuwa ngati chinangwa chouma. Anandipatsa foni. Unali uthenga wochokera kwa mphunzitsi wawo, Dokotala Mwanaisha Twaibu, mayi amene ophunzira onse ankamuopa. Analemba mwachidule kuti chimene a Pilato analemba ndi mawu oyamba, si chidule ayi. Chidule chinene zinthu zinayi m'mawu osapitirira 150: munkafuna kupanga chiyani, munapanga bwanji, munapeza chiyani ndi manambala ake, ndipo zimenezo zikutanthauza chiyani. Anati masamba enawo sanawawerenge, ndipo sawawerenga mpaka chidule chikonzedwe. Atumizenso pofika Lachisanu 4 koloko madzulo, apo ayi alemba ziro.

"Nde vuto lili pati?" ndinatero. "Manambala muli nawo. Atulutseni pa tsamba seveni muwaike patsogolo, basi."

Anakhala pabenchi, anavula chipewa, nayamba kukamba za ulendo wa pabasi. Ndinawadula. Ndinawadulanso kachiwiri. Kachitatu m'pamene chinatuluka. A Anthony anatumiza kale lipoti lawo, ndipo linalandiridwa. Koma iwo sanalembe 112. Anatenga manambala m'lipoti la munthu wa chaka chapitacho: magalamu 2.09, maperesenti 80, kusungunuka pa 134 mpaka 136, madzi osasintha mtundu. Ndipo aliyense ankadziwa kuti Dokotala Twaibu amayamba wawerenga zidule zokhazokha, za anthu a botolo limodzi ataziika pamodzi.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kuzungulira kuja sikunali chibadwa chokha. Msuweni wanga anabisa manambala dala, poganiza kuti mayiyo akadzafika pa tsamba lachisanu ndi chiwiri adzakhala atatopa. Tsopano anauzidwa kuti awaike pamwamba penipeni. Akalemba zoona, botolo limodzi likhala labala asipirini wamitundu iwiri, ndipo wina mwa awiriwo ndi wabodza. Akalemba za alamu awo n'kugwidwa, onse awiri achotsedwa, chifukwa kupeka zotsatira ndi mlandu waukulu kumeneko. Akapanda kutumiza kanthu, ziro, ndipo kalata ya m'thumba ija igwira ntchito yake.

"Palibe amene analemba kulemera kwake tsiku limenelo?" ndinafunsa.

"Nde chimene chikundidwalitsa n'chimenecho," anayankha. "Bambo woyang'anira labu uja anadutsa ndi buku lakuda, anasuzumira pasikelo. Kaya analemba, kaya sanalembe. Munali chipwirikiti, asuweni, aliyense akuthamangira basi."

Kunena zoona nanenso mantha anandigwira. Ndinawaonera chifundo, komanso anandikwiyitsa, chifukwa munthu wamkulu ngati ameneyu anakhala ndi nkhaniyi masabata awiri osauza ngakhale mkazi wake.

Lachitatu ataweruka anapita kwa alamu awo. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza okha, ndipo ndikuwadziwa, sakokomeza. Anawapeza a Anthony pakhonde akupukuta njinga yamoto.

"Moseliwa, alamu!" a Anthony anafuula mwachisangalalo moni wam'mawa wa Chilomwe ngakhale dzuwa linali litapendeka, nawakokera mpando.

A Pilato anayamba ndi za nandolo, kuti chaka chino wachita bwino. Anadzera ku za chiperoni, kenako za mtengo wa mafuta. A Anthony si munthu wodikira.

"Alamu, ndamva kale kuti lipoti lanu labwezedwa. Musavutike. Tengani manambala anga mulembe, nkhani yatha."

"Komatu tinapeza zina, alamu," a Pilato anatero ndi mawu apansipansi.

"Nde mukufuna mulembe handiredi thwelofu? Munda wa matumba khumi mukololemo khumi ndi awiri? Akusekani mayi aja, akupatsani ziro. Buku lakuda lija musaliope, sanalembemo kanthu, ine ndinaona ndi maso angawa."

A Pilato anafuna kunena kuti kulakwitsa mu labu si mlandu bola ufotokoze chifukwa chake, koma anangoyang'ana pansi. A Anthony anaika kansanza pansi, nawayang'ana akumwetulira.

"Mwakhala nafe zaka makumi awiri pamudzi pano, sitinakanganepo. Ana anu ndi mbumba yanga. Dimba lakumtsinje lija mukulimabe bwinobwino, eti?"

"Tikulima, alamu."

"Eya. Nde tisapatsane manyazi pagulu."

Sanaopsezedwe, ayi. Munthu anangofunsa za dimba. Koma a Pilato akuti anabwerera kunyumba atamva bwino lomwe tanthauzo la funsolo. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, ndipo iwo mwambi umenewu anaumeza wonse tsiku la ukwati.

Lachinayi anafika kushopu ndi kapepala ka manambala a alamu awo. Sanandiyang'ane kumaso.

"Sinthani, asuweni."

Ndinatsegula lipoti lija pakompyuta, ndinafufuta 2.92 n'kulemba 2.09, mtima ukundiwawa. Kenako ndinawauza kuti sizithera pamenepo. Chidule chimanena zimene zili m'kati, sichinganene china lipoti likunena china. Ngati asipirini anali wouma ndi woyera, masamba atatu ofotokoza chifukwa chomwe analemera mopitirira ayenera kuchoka onse.

"Tawerengani kaye, mundiuze poyambira kufufuta," ndinatero, n'kuwatembenuzira kompyuta.

Anawerenga milomo ikugwedera. Masamba amenewo anawalemba bwino, ngakhale ine wosadziwa sayansi ndinawamva. Anafotokoza kuti asipirini sangapitirire magalamu 2.61, choncho zoonjezerazo ndi madzi amene sanaume. Anafotokoza kuti chinthu chosayera chimasungunuka msanga ndiponso pang'onopang'ono, m'malo mosungunuka kamodzi. Anafotokoza za mtundu wapepo uja, ndi zimene akanachita magetsi akanakhalapo.

"Za madzizi ndinazidziwa pompo mu labu muja," anatero. "Mayi akathyola tiyi pamvula, dengu linkalemera, koma kalaliki ankadziwa kuti enawo ndi madzi. Ndimawauza ana m'kalasi chaka chilichonse."

"Nde ndifufute?"

Anakhala pamenepo mpaka kasitomala wina anabwera ndi ziphaso zoti ndimupangire fotokope, napita, kunabweranso wina, napita. Pamapeto pake anandipempha kuti ndisunge malipoti awiri, loona ndi labodza, aganize kaye.

"Mapanga awiri avumbwitsa, asuweni," ndinawauza. "Mawa ndi Lachisanu."

Lachisanu kunacha ndi chiperoni, phiri losaoneka n'komwe. Ndinawadikira m'mawa wonse. Itakwana 1 koloko ndinaimba foni, sanayankhe. Itakwana 2 koloko ndinayamba kutuluka panja kawirikawiri, ndikuganiza zoipa zokhazokha: kaya agwa panjinga, kaya angoganiza zosiya sukulu, kaya chiyani. Anatulukira 2 koloko itapitirira ndi theka, atanyowa, maso ali psu ngati munthu wa malungo.

"Tsegulani loona lija," anatero.

Musaganize kuti analimba mtima. Ndinawafunsa pambuyo pake, ndipo anandiuza okha kuti anangoika mantha awiri pasikelo. Alamu awo ankawaopa, koma buku lakuda lija ankaliopa kuposa. Ankangodziona ataimirira pamaso pa akuluakulu a yunivesite, munthu wa imvi, mlembi wa mpingo, akufunsidwa kuti 2.09 anaitenga kuti.

Koma kuvomera kulemba zoona ndi china, kuzilemba mwachidule ndi chinanso. Anatulutsa cholembera nayamba: asipirini ndi mankhwala amene anthu ambiri...

"Ayi!" ndinamenya tebulo. "Nthawi yatha. Ine ndizifunsa, inu muziyankha, ngati kupolisi. Munkafuna kupanga chani?"

"Ndiye kuti, poganizira kufunika kwa..."

"Munkafuna kupanga chani?"

"Asipirini. Kuchokera ku salisiliki asidi. Ndi kuona kuchuluka kwake ndi kuyera kwake."

"Lembani chimenecho. Munapanga bwanji?"

Apa anafuna kutchula botolo lililonse, sikelo, pepala losefera, mpaka ayezi kuti anamuphwanya ndi chiyani. Ndinawakumbutsa za mawu 150 aja, ndipo iwo eni anazindikira kuti zonsezo zili kale m'kati. M'chidule mungofunika mankhwala enieniwo, kutentha kwake, ndi njira zoyesera. Pa funso lachitatu cholembera chinaima. Anafuna kulemba kuti zotsatira zinali zosiyanako pang'ono ndi zoyembekezeka.

"Mayi aja anati manambala," ndinatero.

Analemba 112, nayang'ana kukhomo ngati wina alowa.

Chidule chonse chinatuluka mawu osafika n'komwe 150, ndime imodzi, popanda zothokoza, popanda mbiri ya makungwa. M'Chichewa chinkati: Cholinga chinali kupanga asipirini kuchokera ku salisiliki asidi ndi kuyeza kuchuluka ndi kuyera kwake. Magalamu 2.00 a salisiliki asidi anatenthetsedwa pamodzi ndi asetiki anihaidiraidi wochulukirapo ndi timadontho ta fosiforiki asidi pa madigiri 80 kwa mphindi 15, ndipo asipirini anasefedwa koma sanayeretsedwenso kapena kuumitsidwa. Panapezeka magalamu 2.92, omwe ndi maperesenti 112 a magalamu 2.61 oyembekezeka. Anasungunuka pa madigiri 122 mpaka 129, pomwe woyera amasungunuka pa 135 mpaka 136, ndipo feriki kulorayidi anaonetsa mtundu wapepo. Zimenezi zikusonyeza kuti asipiriniyo anali wonyowa ndiponso munatsalira salisiliki asidi, choncho kuchuluka kwake kwenikweni sikungadziwike popanda kumuyeretsanso ndi kumuumitsa.

Nditatayipa ndinawerenga mokweza. Zinkamveka bwino moti zinandiopsa. Panalibe pobisala, aliyense wowerenga akanadziwa zonse mphindi imodzi isanathe.

Nthawi inali 3 koloko ndi theka. Ndinaika dzanja pa mausi, koma anandigwira mkono.

"Dikirani. Sindingatumize alamu asakudziwa."

Ndinaganiza kuti basi, tachedwa, munthu uyu ayamba za nandolo mpaka 5 koloko. Anaimba foni ataimirira pakati pa shopu, madzi akudontha kuchokera m'jekete.

"Alamu, ndine Pilato. Ndalemba handiredi thwelofu. Ndikutumiza pompano. Ngati mungathe, alembereni mayi aja lero lomwe, muwauze nokha."

Ndinamva mawu a a Anthony akuphulika m'foni, kenako zii. A Pilato anatsala atagwira foni kukhutu kwa kanthawi, ngati akudikira kuti wina awauze kuti sananene zimenezo.

"Tumizani," ananong'ona.

Netiweki ya pa Limbuli tsiku la chiperoni mukuidziwa. Kanthu kaja kanazungulira, kanazungulira, n'kukana. Ndinayesanso, kanakananso. Ndinalumikiza kompyuta ku foni yanga, n'kutuluka nayo foniyo pakhonde nditaikweza m'mwamba ngati ndikudalitsa msika, uku ndikukuwa kuti a Pilato adine batani. Lipoti linapita kutatsala mphindi zisanu ndi zinayi. A Pilato anatuluka kuseri kwa shopu nakasanza.

Masiku khumi ndi awiri otsatira anali oipa kuposa onse. A Anthony sanalembere mayi aja. M'malo mwake anauza achibale kuti mkamwini wawo wasokoneza manambala chifukwa cha ukalamba, ndipo akufuna kugwetsa mnzake. A Leah anamva nkhaniyi kwa azakhali awo pachitsime, osati kwa amuna awo, ndipo anakwiya koopsa, masiku atatu osawalankhula. A Pilato anaonda ndikuona. Foni ikalira ankadzidzimuka, njinga yamoto ikadutsa pamsewu ankasiya chiganizo pakati. Chimene chinkawasautsa kwambiri chinali chakuti ngati m'buku lakuda mulibe kanthu, atsala mawu awo ndi mawu a alamu awo, ndipo ndani angakhulupirire munthu wonena 112 pomwe mnzake akunena 80 yooneka bwino?

Kenako onse awiri anaitanidwa ku yunivesite. Anakwera basi imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mu ofesi munali Dokotala Twaibu, akuluakulu ena awiri, ndi bambo woyang'anira labu uja. Patebulo panali mapepala awiri okha, zidule ziwiri zija, zitagonekedwa pamodzi. A Anthony analankhula nthawi yaitali ndiponso mwaluso. A Pilato atafunsidwa anangoti zimene anapeza ndi zimene zili papepalapo, motsitsa mawu moti anachita kubwereza kuti amveke. Ndiye bambo uja anatsegula buku lake, nayendetsa chala pa mzere wa gulu lawo. Munalembedwa 2.92.

A Pilato anapeza malikisi 64 pa lipotilo, ndipo mayi aja analemba m'mphepete kuti chidule chili bwino. A Anthony anapatsidwa ziro n'kuimitsidwa chaka chathunthu. Akuti akanavomera okha poyamba, chilango chikanachepa.

Ine ndinasangalala, sindibisa, ndinavina ndekha m'shopu. Koma msuweni wanga anabwera ndi nkhaniyi ngati wachokera kumanda. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa linapendeka, akungotembenuza chipewa. Kuti afike kunyumba kwawo kuchokera kumsewu, njira ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pabwalo penipeni pa a Anthony.

Nditayamba kulowetsa katundu, ndinaona a Leah akubwera wapansi kuchokera kumsika. Anaima pakhomo, nandipatsa moni, kenako anayang'ana amuna awo.

"Abambo ake Tamanda, mugona pano?"

"Ndimati kuyambe kwachita kamdima," a Pilato anayankha.

"Simunabe kanthu kuti muziyenda ndi mdima. Achimwene ndalankhula nawo, ndawauza kuti anadzitchera okha. Sanandimvere, koma ndawauza. Tiyeni kudakali kowala. Mukafika pabwalo paja mutsike panjinga mupereke moni. Akapanda kuyankha, ndi zawo."

Ananyamuka, mkazi patsogolo, mwamuna pambuyo akukankha njinga. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa chigayo, ndipo ndinadzipeza ndikupemphera, ine amene ndimapita kutchalitchi pa Khirisimasi pokha.

Sanawathamangitse pamudzi. Dimba lija linapatsidwa kwa mphwawo wina wa a Anthony, popanda kukambirana, ndipo palibe amene anatsutsa poyera. Pa zochitika za pamudzi a Pilato amakhala kumapeto kwa benchi. Sukulu akupitiriza, atsala ndi chaka chimodzi, ndipo zidule zawo masiku ano ndimatayipa osasinthamo kanthu. Mantha sanathe, musanamizidwe. Akuti m'mawa uliwonse akamayandikira bwalo lija amayamba kutsika panjinga akadali patali.

Papita miyezi khumi ndi umodzi tsopano. Tsiku lililonse, popita ndi pobwera, amaima pabwalopo chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, alamu," kapena, "Mwaswera bwanji, alamu." A Anthony amakhala pakhonde pomwepo, ndipo sanayankhepo ngakhale kamodzi.